Mawati 460 a makina anga apita kuti?

*Ndili ndi makina opala matabwa ndipo ndikufuna kugula jenereta. Mnyamata wa zamagetsi anayeza makinawo akugwira ntchito, napeza mavoti 230, maampu 10 ndi mawati 1,840. Koma 230 kuchulukitsa ndi 10 ndi 2,300. Mawati 460 enawo ndikulipira pachabe? Ananenanso kuti ndidziwe impidansi ya makinawo, koma sanandionetse kapezedwe kake. Kalipentala, Balaka.*

Bambo, palibe chomwe chatayika, ndipo manambala atatuwo ndi okwanira.

Mota ili ndi makoilo a waya omwe amafuna mphamvu ya maginito kuti izungulire. Gawo lina la magetsi limalowa m'makoilomo n'kubwereranso, kulowa n'kubwerera, osapala thabwa ngakhale limodzi. Choncho pali mphamvu zitatu. Yoyamba ndi P, mawati 1,840 aja, yomwe imagwira ntchito ndi kutenthetsa mota. Yachiwiri ndi S, mavoti kuchulukitsa ndi maampu, ndiye katundu yense amene waya ndi jenereta zimasenza: 2,300 VA. Yachitatu ndi Q, yongopita n'kubwerera ija, yomwe imayezedwa m'ma var.

Zitatuzi siziwonkhetsedwa ngati ndalama za m'thumba. Zimapanga thirayango yokhala ndi kona ya sikweya: P pansi, Q choimirira, S chopingasa. Inu mumaidziwa kale, chifukwa poyesa ngati felemu ya chitseko ili sikweya mumayeza 3 uku, 4 uku, ndipo chopingasa chimayenera kukhala 5. Manambala anu agwa chimodzimodzi. M'masamu otsatirawa, V ndi mavoti, I ndi maampu, ndipo `pf` ndi power factor, yomwe imasonyeza gawo la S lomwe likugwira ntchito.

```
S = V × I = 230 × 10 = 2300 VA
Q = √(S² − P²) = √(2300² − 1840²) = 1380 var
pf = P / S = 0.8
```

Mwaona kuti mbali yosowayo ndi 1,380, osati 460. Kuchotsera P pa S sikukupatsani chilichonse chogwiritsa ntchito.

Impidansi, yomwe imalembedwa Z, ndi kukana konse komwe makinawo amakaniza magetsi kudutsa, ndipo imayezedwa m'maomu. Mukagawa mbali iliyonse ya thirayango ija ndi maampu ochulukitsidwa okhaokha, pano 10 × 10 = 100, mumapeza thirayango ina yofanana nayo, ya maomu.

```
|Z| = V / I = 23 Ω
R = P / I² = 18.4 Ω
X = Q / I² = 13.8 Ω
Z = 18.4 + j13.8 Ω
```

R ndi gawo lomwe limadya mayunitsi anu, X ndi gawo la makoilo, ndipo j imangosonyeza kuti X ili pa mbali yoimirira ya thirayango. Mutha kudzitsimikizira: 18.4 × 18.4 kuphatikiza 13.8 × 13.8 ndi 529, ndipo 23 × 23 ndi 529 yomweyo.

Chizindikiro cha + chija sichinachokere pa miyeso yanu. Mavoti, maampu ndi mawati sizinena ngati X ndi ya koilo kapena ya kapasita, yomwe ikanalembedwa ndi −. Ndaika + chifukwa ndikudziwa kuti ndi mota. Musadabwenso mnyamatayo akazimitsa makina n'kuyeza waya wa mota ndi mita yake, n'kupeza maomu ochepa kwambiri kuposa 18.4. R yathuyi yaphatikiza ndi ntchito yopala thabwa, ndiye imasintha thabwa likalimba kapena makina akamazungulira opanda kanthu. N'chifukwa chake miyeso itatuyo iyenera kutengedwa nthawi imodzi, thabwa lili mkati. Lembani manambalawo m'buku la bizinesi pamodzi ndi mtundu wa thabwalo. Miyezi ikapita, mukadzapeza kuti Z yatsika pa ntchito yomweyo ndi mavoti omwewo, ndiye kuti mota yayamba kukoka maampu ambiri, ndipo muonetse mipeni, mabering'i ndi makoilo isanapse.

Tsopano za ndalama. Mita yogulira mayunitsi imawerenga mawati ndi maola, ndiye pa ola limodzi makinawo amadya mayunitsi 1.84 basi. Q simuilipira pamenepo. Imakupwetekani pa jenereta ndi pa waya, chifukwa izi zimasenza maampu onse 10. Jenereta yolembedwa 2 kVA, yomwe ndi 2,000 VA, ingaoneke ngati yokwanira mawati 1,840, koma makina anu akufuna 2.3 kVA akamayenda bwinobwino, ndipo polira mota yotere imakoka maampu ochuluka kangapo kwa kanthawi kochepa. Ine sindingakulangizeni kutulutsa ndalama musanaione jeneretayo ikuliza makina anuwo ndi kupala nawo thabwa.

Masamuwa ndi a makina a feizi imodzi, komanso amadalira kuti magetsi akuyenda mosalala monga amachitira pa mota wamba. Mukadzagula makina owotcherera zitsulo a inveta, omwe amakoka magetsi modukizaduka, S ndi `pf` mudzazipezabe ndi mita yolembedwa `True RMS` yomwe imayezanso mawati, koma X yotuluka pa thirayangoyi musadzaikhulupirire.