Fomu ya garanta ndi kalata ya kubanki zikasemphana

"Ndine mlembi watsopano pa SACCO yathu ya aphunzitsi. Membala wina akufuna ngongole ya K1,500,000 ndipo wabweretsa fomu ya garanta wake pamodzi ndi kalata yochokera kubanki ya garantayo. Fomu ndi yosainidwa, kalata ili ndi chidindo. Ndiyang'ane chiyani ndisanapereke kukomiti?"

Zikomo a mlembi. Mwatchula mapepala awiri, koma pa tebulo pakufunika anayi. Onjezani fomu yofunsira ngongoleyo komanso chiphaso cha unzika cha garanta, chenichenicho osati fotokope yokha. Ziyaleni moyandikana.

Yambani ndi ndalama. Pafomu ya garanta pamakhala malo awiri, a manambala ndi a mawu, ndipo ambiri timawerenga manambala okha. Ndinaonapo fomu yomwe pa manambala panali K1,500,000 koma m'mawu munalembedwa miliyoni imodzi ndi masauzande makumi asanu, kutanthauza K1,050,000. Kusiyana kwake ndi K450,000. Pa cheke, mawu ndi manambala zikasiyana, amatsatira mawu, ndiye ngongole ikadzavuta garanta sadzachedwa kuloza pomwepo n'kunena kuti iye anavomera zochepazo. Onaninso ngati fomu ikunena kuti akuimira ndalama yobwerekedwa yokha kapena pamodzi ndi chiwongoladzanja. Mwina zonse zobweza zidzafika K1,900,000, pomwe iye m'mutu mwake muli K1,500,000 basi. Ngati pena pafufutidwa ndi tipekisi, kapena ziro wina akuoneka wothinana ndi anzake komanso wa inki ina, musavutike n'kukonza. Perekani fomu yatsopano.

Kalata ya kubanki anthu amaiopa chifukwa cha chidindo, koma imanena zochepa. Imangoti munthuyu ali ndi akaunti kwathu ndipo pa tsiku lakuti munali ndalama zakuti. Tsikulo ndiye lofunika. Kalata ya miyezi inayi yapitayo sikuuzani kanthu za lero. Ngakhale ya dzulo ikhoza kukunamizani: munthu amabwereka kwa mlamu wake, kuika mu akaunti Lolemba, kutenga kalata Lachiwiri, Lachitatu n'kubweza. N'chifukwa chake ine ndimapempha sitetimenti ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Mukaona akaunti yomwe imangoyenda pa K80,000 kenako mwadzidzidzi mwagwa K1,600,000 masiku awiri kalata isanalembedwe, funsani komwe zachokera.

Za maina ndifulumira. Werengani chilembo ndi chilembo, poti kwathu kuno Chirwa ndi Chilwa, Phiri ndi Piri, zimalembedwa mosinthanasinthana. Kawirikawiri si chinyengo ayi. Mayi anatsegula akaunti ndi dzina la bambo awo, chiphaso n'kudzatenga ndi la amuna awo. Zikatero apereke chikalata cha ukwati kapena kalata yolumbira kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi. Chimene simuyenera kulola ndi kalata ya akaunti ya kampani kapena ya mpingo pomwe wasaina fomu ndi munthu payekha. Ndalamazo si zake, ngakhale atakhala kuti ndiye amasainira.

Tsopano siginecha, pomwe pagona nkhani. Pa kalata ya kubanki palibe siginecha ya garanta, pali ya wogwira ntchito kubankiko, choncho mapepala awiriwo sangatsimikizirane pa mbali iyi. Mufunika china chofananitsa nacho, monga pasipoti kapena fomu imene anasaina polowa umembala ngati nayenso ndi wa SACCO yanu. Musayembekeze kuti zifanane ndendende, palibe amene amasaina chimodzimodzi kawiri. Yofanana mopitirira, yoti mukasanjikiza pa windo mizere ikugwerana, ndiye yokayikitsa chifukwa mwina anachita kudinda pamwamba pa ina. Siginecha ya mwiniwake imathamanga ndipo imathera mopyapyala. Yokopera imayenda pang'onopang'ono, imanjenjemera, ndipo mumaona timadontho pomwe cholembera chinaima wolembayo akusuzumira.

Komabe inu ndi ine si akatswiri a zolemba pamanja. Vuto lalikulu m'funso lanu ndi mawu akuti "wabweretsa". Fomu yadutsa m'manja mwa wofuna ngongole, yemwe ndiye angapindule ikakhala yabodza. Muitaneni garantayo abwere yekha, mumuwerengere ndalamayo mokweza, mumuuze kuti mnzakeyo akalephera ndiye adzalipira, kenako asaine inu mukuona. Ena amadzidzimuka pomwepo, amati ankayesa akungokhala mboni. Ngati amadinda chala, pakhale mboni ina yosakhala wokongolayo.

Kalata ya kubankiyo kaitsimikizeni ku nthambi yomwe inailemba, ndipo musaimbe nambala ya foni yolembedwa pakalatapo, popeza wopeka kalata amaikapo ya mnzake. Banki siulula za akaunti ya munthu popanda chilolezo chake, choncho tsiku lomwe garanta wabwera kudzasainalo alemberetu chilolezocho, kapena mupitire limodzi.