Pempho la kalabu ya nzeru zamakina: komiti ya sukulu mukaiuze chiyani?

Funso: Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nkhotakota. Ophunzira anga ayamba kufunsa mafunso kwa Meta AI, makina oyankha mafunso a pa WhatsApp ya m'mafoni a makolo awo, ndipo amakhulupirira chilichonse chimene yawayankha. Ndikufuna kupempha komiti ya sukulu kuti tiyambitse kalabu yophunzitsa zimenezi, koma ndalama palibe. Ndilembe zotani?

Yankho: Aphunzitsi, musayambe ndi kupempha makompyuta, chifukwa komiti imene ikuvutika kupeza ndalama za choko ndi malipiro a mlonda idzatseka nkhaniyo musanamalize kuwerenga. Pemphani chipinda chimodzi, ola limodzi pa sabata, teremu imodzi yokha yoyeserera, ndi chilolezo chogwiritsa ntchito mafoni awiri a aphunzitsi. Ndalama ikhale ya bandulo ndi mapepala basi. Mtengo wa bandulo muufunse kwa Airtel kapena TNM sabata imene mukulembayo, ndipo mufotokoze kuti mudzagwiritsa ntchito mawu olemba okha, popeza zithunzi ndi makanema ndi zimene zimamaliza bandulo msanga. Tengani ophunzira 24, anyamata ndi atsikana mofanana, ochokera mu Fomu 1 ndi Fomu 3, kuti pasapezeke wonena kuti mukusokoneza ana amene akukonzekera mayeso a JCE ndi MSCE.

Chimene chidzakope komiti ndi kuona phunziro lenileni, choncho lembani limodzi lonse m'pempholo. Loyamba silifuna foni n'komwe. Mukanena kuti "Mutu umodzi," kalasi yonse idzamaliza kuti "susenza denga," chifukwa anawo anamva mawuwo kambirimbiri. Kenako nenani kuti "Nyakwawa ya mudzi wa agogo anga ndi," ndipo mulamule kuti aliyense amalize ngakhale sakudziwa. Adzatchula mayina omveka bwino koma opeka. Zida monga Meta AI ndi inzake ya ChatGPT, imene inatuluka mu 2022, zimagwira ntchito mofanana ndi zimenezi: zinaphunzitsidwa pa zolemba zochuluka zedi kuti zizilosera mawu oyenera kutsatira, ndipo pamene zolembazo ndi zochepa, monga pa Chichewa ndi pa nkhani za m'maboma athu, zimatha kupeka yankho ndi kulinena molimba mtima ngati loona.

Sabata yachiwiri mutulutse mafoni. Gawani anawo m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo gulu lililonse liyambe lalemba m'kope mitsinje ya m'boma la Nkhotakota imene imathira m'nyanja ya Malawi. Bua, Dwangwa ndi Kaombe adzaitchula okha, ena mwa iwo amaioloka popita kwa achibale. Akatero, funsani makinawo funso lomwelo kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, mayankho onse alembedwe pa bolodi. Ngati patuluka Shire, ana aone pa mapu kuti mtsinjewo umatulutsa madzi m'nyanja, suthiramo. Ngati patuluka Linthipe, aone kuti umenewo umathira m'nyanja ku Salima. Mwina yankho lidzakhala lolondola lonse, ndipo zimenezo si vuto, chifukwa chimene mukuphunzitsa ndi chizolowezi chotsimikiza ndi mapu, buku kapena munthu wodziwa. Ine ndimakonda funso lotere kuposa la masamu, pakuti mwana amene wapeza yekha bodza pa nkhani ya kwawo sachedwa kukayikiranso yankho la sayansi limene sangathe kuliona ndi maso.

Makolo a m'komiti adzafunsa za kubera ndi za mafoni, ndipo ndi bwino kuti mayankho akhale atalembedwa kale. Wophunzira asabwere ndi foni yake, ndipo ntchito yoti ichongedwe isalowe m'kalabu. Akaunti ikhale ya mphunzitsi, foni ikhale pamaso pake nthawi zonse. Malamulo a ChatGPT salola mwana wosakwana zaka 13, ndipo wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo, choncho phatikizani kalata yaifupi ya m'Chichewa yoti kholo lisaine kapena kudinda chala. Lembaninso kuti dzina la mwana, chithunzi chake, matenda ake kapena nkhani za kunyumba kwake sizidzalembedwa m'makinawo, chifukwa zimene zalembedwamo zimapita ku makompyuta a kampani ya kunja. Tchulani mphunzitsi wamkazi amene adzakhale nanu, ndi nthawi yowerukira yoti oyenda mtunda wautali afike kwawo kusanade.

Ndime yomaliza ya pempholo inene mmene komiti idzadziwire ngati kalabuyo yathandiza. Sabata yoyamba apatseni ana mayankho asanu a makina amene mwawasunga, awiri mwa iwo okhala ndi zolakwa, muwerenge kuti ndi ana angati amene azipeza. Sabata yomaliza bwerezani ndi mayankho ena asanu, ndipo manambala onse awiri, pamodzi ndi malisiti a bandulo, mukawapereke kwa apampando pa msonkhano wotsekera teremu.