Khoti linamuletsa kufika pakhomo, koma wabwera

"Amai, khoti la majisitireti linandipatsa chikalata choletsa mwamuna wanga kufika pomwe ndikukhala. Loweruka usiku anabwera, anagogoda mpaka ana kudzuka, koma sanandimenye. Ankhoswe akuti ndingozisiya poti sanandikhudze. Kodi pali mlandu apa?"

Mlandu ulipo, mchemwali wanga. Chikalatacho chimachokera m'lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, ndipo ntchito yake ndi kuletsa chibakera chisanafike. Ngati munalembedwa kuti asafike pakhomo panu, kungoima pakhondepo n'kuphwanya lamulo la khoti kale. Lamuloli linaika chindapusa chofika K1,000,000 kwa wophwanya, ndipo apolisi angathe kumugwira popanda kudikira chilolezo china cha khoti. Akanakumenyani, umenewo ukanakhala mlandu winanso pawokha.

Koma choyamba tsimikizani ichi: kodi chikalatacho iye anapatsidwa? Apa ndi pomwe milandu yotere imakonda kugwera. Khoti likaona kuti moyo uli pachiswe, limatha kupereka chitetezo chongoyembekezera mwamunayo palibe, koma silingamulange chifukwa cha lamulo lomwe sanadziwitsidwe. Ngati analipo m'khoti tsiku lomwe majisitireti ankagamula, palibe chovuta. Ngati panalibe, pitani kwa kalaliki wa khoti mukafunse tsiku lomwe anapatsidwa ndi amene anakamupatsa. Onaninso ngati chikalata chanu n'chongoyembekezera, chifukwa choterocho chimafuna kuti mubwerere kukhoti pa tsiku lomwe munauzidwa.

Kenako pitani kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, mutatenga fotokope ya chikalatacho. Chenicheni chisungeni kwa munthu amene mumamukhulupirira. Nenani zooneka: Loweruka, nthawi yakuti, anagogoda kwa nthawi yaitali bwanji, ananena mawu otani, mnansi uti anamuona. Ngati anaimba foni kapena kutumiza mauthenga, musafufute. Pemphani kuti dandaulo lanu lilembedwe, ndipo sungani dzina la wapolisi amene walemba. Akamugwira, ayenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo angathe kutuluka pa belo. Masiku amenewo musagone nokha, ndipo auzeni apolisi mantha anu asanakambe za belo.

Ankhoswe ndimawalemekeza, koma pamenepa alakwitsa. Mwamuna amene wabwera usiku akudziwa kuti khoti linamuletsa akuyesa ngati pepalalo lili ndi mano. Mukangokhala chete, waphunzira kuti lilibe. Ndipo ankhoswe, amfumu kapena abusa alibe mphamvu yochotsa kapena kusintha zimene khoti linalamula. Ngakhale inuyo mutafuna kuti azibwera kudzaona ana, pemphani khoti lomwelo kuti lilembe masiku ndi malo ake.

Apolisi akakubwezani ndi mawu akuti "izi n'za m'banja", pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo, kapena bwererani kwa majisitireti mukanene kuti lamulo lawo laphwanyidwa. Mungathenso kuimba 5600, nambala yaulere yothandiza pa nkhani za nkhanza.