Yankho kwa alamu pa nkhani ya madifenda atatu

Alamu: Ase, tandiuzani inu odziwa mpira. Timu yaika madifenda atatu kuwonjeza awiri m'mbali, ndi asanutu amenewo, nde bwanji akakumana ndi mawinga othamanga amangobooledwa ngati kumbuyo kulibe munthu?

Eee alamu ndamva, kulemba ndatopa nako nde ndingolankhula, ena mugulumu mupirire. Asanu mukuwerengawo ndi apapepala, mu geimu sakhala asanu nthawi imene akufunikira. Ma wing'ibaki awiri aja kochi amawaika kuti timu ikakhala ndi mpira akwere mpaka kutsogolo, iwowo ndi amene amatambasula girawundi chifukwa mu 3-5-2 mulibe winga wina, nde mpira ukangolandidwa munthu uja ali pafupi ndi bokosi la adani, kumbuyo kwatsala anthu atatu basi. Girawundi yamasiku ano mulifupi ndi mamita 68. Anayi akagawana aliyense ali ndi 17, atatu akagawana ndi 22 ndi kakuwonjezera, komanso saima motambasuka choncho, amathinana pakati kuteteza golo, nde m'mbali monse mumatsala pululu. Winga wanzeru sabwerera kukathandiza anzake, amangoima kuseri kwa wing'ibaki kudikira, mpira umodzi wautali basi wapita.

Tsono apa ndi pamene pamavutira. Amene akuyenera kutuluka kukakumana naye ndi difenda wambali mwa atatu aja, ndipo kawirikawiri ameneyu ndi chimunthu chachitali, chamitu, choti mubokosi simungachikankhe, koma kutembenuka kwake nkochedwa. Mwamutulutsa kupita naye kulaini, kulibe omuthandiza, winga akubwera atathamanga kale pomwe iye akuyamba ataima kapena akubwerera chambuyo. Ameneyo wapambana ndi winga mpikisano usanayambe. Ndipo akatuluka choncho, pakati pa iyeyo ndi difenda wapakati pamatseguka mpata, wapakati akasuntha kutseka, wachitatu nayenso asunthe, nde mbali inayo winga wachiwiri watsala yekhayekha pa positi yakutali, wing'ibaki wakumeneko akadali m'njira kubwerera lilime lili panja.

Mukukumbuka fainolo ya Champions League ya 2025 ku Munich, PSG kuswa Inter 5-0? Ija ndi imene ndingakuonetsereni bwino. Inter ya Inzaghi inali 3-5-2, kumbuyo Pavard, Acerbi ndi Bastoni, m'mbali Dumfries kumanja Dimarco kumanzere. Acerbi anali ndi zaka 37 alamu. PSG kutsogolo Doué, Dembélé ndi Kvaratskhelia, onse miyendo yamoto. Taonani chigoli chachiwiri cha pa mphindi 20. Inter ndi imene imaukira, Barella akutchinga mpira kuti utuluke ikhale kona, Pacho nkuukokera m'kati usanatuluke, nthawi imeneyo anthu a Inter ambiri ali kutsogolo. Kvaratskhelia wautenga, wauponyera Dembélé kumanzere, ndendende kumalo kumene Dumfries wasiya, Dembélé wathamanga nawo, madifenda onse akokekera mbali yake, iye nkuuoloketsa kupita kumanja kumene kuli Doué. Dimarco wafika koma wafika mochedwa, osamuyandikira, nkutembenuka kupereka msana, shoti yamugunda iyeyo nkulowa. Kuchoka kubokosi la PSG kukafika muukonde wa Inter timasekondi towerengeka. Palibe difenda amene anachita zopusa kwenikweni kupatula kupereka msanako, ena onse anangopezeka kuti malo ndi ambiri kuposa anthu.

Nde mwina munganene kuti basi ma wing'ibaki asamakwere, akhale kumbuyo. Eya makochi amatero akaona kuti kwatentha, koma pamenepo mwangosamutsa vuto. Zili ngati chitenje chachifupi, mukafunda kumutu miyendo ili pamtunda. Akabwerera onse awiri timu yasanduka 5-3-2, ndipo osewera atatu apakati aja ndi amene tsopano akuyenera kuthamanga mamita 68 onse aja, uku ndi uku, pamene mafulubaki a adani alibe owagwira chifukwa wing'ibaki wamangidwa ndi winga. Winga akangoima kulaini osachita chilichonse wagwira kale ntchito, wamukhomerera munthu kumbuyo. PSG mafulubaki ake anali Hakimi ndi Nuno Mendes, nde tangoganizani. Chigoli choyamba pa mphindi 12 anamwetsa ndani? Hakimi, fulubaki, ali yekha pafupi ndi golo kungougunda pang'ono, atalandira kwa Doué amene Vitinha anamupeza mubokosi. Inter inali ndi anthu ambiri kumbuyo nthawi imeneyo koma funso loti Hakimi ndi wandani linalibe yankho, ndipo Dimarco anatsalira m'mbuyo nkuwaika onse onisayidi. Laini ya anthu asanu kuti ikwere pamodzi kutchera ofusayidi nkovuta, mmodzi amatsalira basi.

China chimene chinawasokoneza ndi Dembélé. Madifenda atatu amasangalala akakhala ndi masitiraika awiri owagwira, awiri agwira mmodzi watsala kusesa. Koma Dembélé samaima pa Acerbi, amatsikira pakati, nde anthu atatu akulondera mphepo pomwe pakati anzawo akuchepekedwa. Acerbi akamutsatira wasiya dzenje, akapanda kumutsatira Dembélé atembenuka momasuka nkuponyera othamanga. Chigoli chachitatu chija ndi chidendene cha Dembélé kwa Vitinha, Vitinha kwa Doué kumanja, chachinayi Dembélé yemweyo kumasula Kvaratskhelia. Apo Inter inali itakwera kufuna kubweza, nde kumbuyo kunali ngati msewu. Pepani ndachulukitsa koma geimu imene ija imandiwawabe, mukudziwa ndimaikonda Inter.

Ndipo chizindikiro chinalipo kale mu semifainolo ndi Barcelona, 3-3 kenako 4-3. Inter inadutsa inde koma inamwetsedwa zigoli 6 m'mageimu awiri, Yamal amamuzunza Dimarco moti pamafunika anthu awiri atatu kumuthandiza, ndipo aliyense wopita kukathandizayo wasiya malo ake.

Mukamaonera geimu ina iliyonse mudzaone izi, simufunika kudikira chigoli. Mukaona difenda wambali akungopezeka kulaini kawirikawiri, kapena wing'ibaki akuthamanga nkhope yaloza kugolo kwake nambala yakumsana ikuonekera kwa amene ali ndi mpira, dziwani kuti zavuta. Kapena difenda uja walandira yelo kadi hafu yoyamba pomukoka winga malaya, kuyambira pamenepo sangamugundenso. Ndiye ikafika mphindi 60 muyang'ane miyendo ya wing'ibaki, munthu wakhala akukwera ndi kutsika mamita 105 pomwe winga amangosunga mphamvu, nchifukwa chake makochi a sisitimu imeneyi amakonda kusintha ma wing'ibaki msanga, Dimarco anatulutsidwa hafu yachiwiri itangoyamba kumene.

Koma musati sisitimuyo ndi yoipa ayi. Chelsea ya Tuchel mu 2021 inagonjetsa City 1-0 mu fainolo ya Champions League nayonso ili ndi madifenda atatu kumbuyo, City ili ndi Sterling ndi Mahrez. Kusiyana kwake, Rüdiger amathamanga ngati winga, Azpilicueta ndi fulubaki weniweni amene kulaini ndi kwawo, Reece James anamutsekera Sterling, ndiye panali Kanté wotseka mpira usanaponyedwe nkomwe. Winga wothamanga amafuna womupatsira amene wadzutsa mutu, mukamupanikiza wopatsirayo liwiro lija lilibe ntchito. Inter inalephera kumugwira Vitinha tsiku la ku Munich lija, ngakhale Barella yemwe anamulephera.

Za United yanu ya nthawi ya Amorim ija ndikuyankhani padera, apa azakhali ayamba kale kudandaula kuti tikuwathera bandulo.