Amphaka ndi agalu akagwa ngati mvula

Funso: Ndikumasulira kankhani kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Pamzere wina, ndikatsata mawu monga alili, pakutuluka zoti kunja kunkagwa amphaka ndi agalu, mkwati adazizidwa mapazi, koma mnzake adamuuza kuti ukwati ndi chidutswa cha keke. Kodi zining'a zoterezi ndizitani?

Yankho: Choyamba, bisani mawuwo ndi dzanja, mudzifunse kuti kwachitika chiyani. Kwagwa mvula yambiri. Mkwati wachita mantha nthawi itatsala pang'ono, akufuna kubwerera m'mbuyo. Mnzake akumuuza kuti nkhaniyo ndi yosavuta. Zimene muyenera kumasulira ndi zitatu zimenezi, osati amphaka, mapazi kapena keke.

Za mvulazo sizivuta. Afalansa amati kukugwa zingwe, Angerezi amati amphaka ndi agalu, ife timangokuza dzinalo n'kuti chimvula. Mwina mungakopeke ndi mawu oti mvumbi poti akumveka Chichewa chenicheni, koma mvumbi ndi mvula yogwa mosalekeza kwa nthawi yaitali, pamene amphaka ndi agaluwo akunena za kuchuluka kwa madzi ogwa nthawi imodzi. Keke nayenso achoke, chifukwa tili kale ndi kanenedwe kathu koti chinthu n'chosavuta ngati kumwa madzi. Mzere wonsewo ungamveke chonchi: "Kunja kunkakhuthuka chimvula. Mkwati mtima unali m'mwamba, ndipo adayamba kuganiza zobwerera m'mbuyo, koma mnzake adati, 'Iwe, ukwati n'kumwa madzi!'"

Onani kuti mapazi ozizira aja ndawagawa pawiri. Mtima kukhala m'mwamba kukunena za nkhawa yokha, pamene chining'a cha Chingerezicho chili ndi mantha komanso kufuna kusiya chimene munthu adavomera kale. Chining'a chathu chikanyamula theka la tanthauzo, theka linalo mulinene m'mawu wamba.

Pa zitatuzi, ine ndimaopa kwambiri za ziwalo za thupi. Amphaka ogwa kumwamba sangapusitse munthu: aliyense wowerenga aseka n'kudziwa kuti womasulira waphonya. Koma mtima, mutu, manja ndi miyendo zili m'zining'a za pafupifupi chiyankhulo chilichonse, ndiye mukatsata mawu, nthawi zina mumatulutsa Chichewa chosalala bwino chimene chikunena zina. Cholakwika choterocho chimadutsa ngakhale m'maso mwa mkonzi.

Angerezi akamva moto pachifuwa atatha kudya, amalumikiza mawu oti mtima ndi oti kupsa. Womasulira wothamanga alemba kuti wodwalayo wapsa mtima, ndipo wowerenga amva kuti munthuyo wakwiya, pamene akuvutika ndi chilungulira. Mfalansa akati mtima ukumupweteka, kawirikawiri amatanthauza kuti akumva nseru. Ife tikamva zimenezo tiganiza kuti wina wamukhumudwitsa. Wouma mutu wa Angerezi ndi munthu wamakani kapena wosatengeka ndi zinthu, pamene wathu ndi amene zophunzira sizimulowa. Mukhoza kumutukwana munthu amene wolembayo ankamuyamikira.

Chimachititsa n'chakuti anthu sadagwirizane za kumene maganizo amakhala m'thupi. Ife chisoni, mkwiyo, chifundo ndi kulimba tidaziika mumtima. Ku Indonesia ndi ku Malaysia mawu amene amanena chiwindi ndi omwenso amanyamula zimenezi, ndipo m'Chigiriki chakale chifundo chinkakhala m'matumbo. Womasulira kuchokera m'ziyankhulo zimenezo ayenera kusamutsa chifundocho n'kuchibweretsa mumtima. Si kuti nthawi zonse zimasemphana ayi: kutaya mtima n'chimodzimodzi kwa ife ndi kwa Angerezi. Koma kufanana kotereku n'kongochitika mwamwayi, ndipo n'kumene kumagonetsa womasulira tulo.

Njira yodziwira ngati mwaphonya ndi iyi: werengerani mzere wanuwo munthu amene sadaone nkhani yoyambirira, mumufunse kuti wamva kuti kwachitika chiyani. Musamufunse ngati zikumveka bwino, chifukwa "wapsa mtima" amamveka bwino kwambiri. Akayankha kuti wodwalayo wakwiya, mwagwira pamene pali vuto.

Pali malo amodzi pamene keke uja sangachotsedwe pamzere umodzi wokha. Yang'anani mzere wotsatira m'nkhani yanuyo. Ngati mkwati akuyankha moseka kuti kekeyo ndiye akumutsamwa, ndiye kuti wolemba akusewera ndi chining'acho, ndipo mukachotsa keke pamzere woyamba, yankholo likhala lopanda pogwira. Pamenepo sinthani mizere iwiri yonse pamodzi. Mnzake anene kuti ukwati n'kumwa madzi, mkwati ayankhe kuti, "Madzi omwewonso amatsamwitsatu."