Khutu la mafinya onunkha lomwe silikumva mankhwala

"Mwana wanga wa zaka 13 khutu lakumanja limatuluka timafinya tonunkha ngati chinthu chowola, chaka chachitatu tsopano. Silimupweteka ayi. Tikadontheza mankhwala timafinyato timasiya kutuluka masabata awiri kenako tayambanso. Pano sakumvanso bwino mbali imeneyo. Pali mankhwala ena amphamvu oti ndigule?"

Mayi, musagulenso mankhwala ena. Mupemphe kalata kuchipatala chanu yoti mwanayu akaonedwe ndi madokotala a makutu, mphuno ndi pammero, kumene pakhomo pamalembedwa kuti ENT. Ndagwirapo ntchito m'chipinda chotsuka makutu, ndipo khutu losapweteka koma lonunkha chotere ndi limene limandidetsa nkhawa kuposa la mwana wobwera akulira.

Makutu otuluka mafinya nthawi yaitali alipo a mitundu iwiri. Ambiri amakhala kuti kachikopa kotseka mkati mwa khutu, kamene timati mwinikhutu, kabooka pakati. Amenewa mafinya ake amakhala ambiri, onanda ngati mamina, amabwera mwana akadwala chimfine kapena akasambira kudambo, ndipo mukapukuta bwino n'kudontheza mankhwala khutu limauma miyezi. Mtundu winawo mafinya ake ndi ochepa, mwina kungothimbiriza pilo, koma fungo lake anzake m'kalasi amalimva. Nthawi zina mumatuluka tizinthu toyera ngati timamba, kapena timagazi. Apa m'pamene timaganizira kolesiteyatoma.

Dzinali lisakuopseni, si khansa. Ndi khungu wamba, koma lomera pamalo olakwika. Kuseri kwa mwinikhutu kuli kachipinda ka mpweya, ndipo mpweyawo umalowa kudzera m'kanjira kochokera kuseri kwa mphuno. Kanjirako kakamatsekekatsekeka, mwinikhutu amakokedwera mkati, makamaka cha kumwamba kumene ali wofewa, n'kupanga kathumba. Khungu lililonse limafundula. La panja zofundukazo zimagwa zokha, koma m'kathumba muja zilibe kotulukira. Zimaunjikana chimodzi pamwamba pa chinzake ngati makoko a anyezi, tizilombo n'kukhazikikamo, ndiye fungo lija. Mankhwala odontheza amapha tizilombo tapamwamba, n'chifukwa chake mumaona ngati zatheka. Kathumbako kamakhala kali pomwepo, kakukula.

Vuto lake n'lakuti pamene kakukula kamadya fupa. Koyamba kamagwira timafupa titatu tating'ono timene timanyamula mawu kupita mkati, ndipo kusamva kwa mwana wanu kungakhale kochokera pamenepo. Koma kachipindako kali pakati pa zinthu zofunika. M'khoma lake mumadutsa mtsempha woyendetsa nkhope. Pambali pake pali ziwalo zimene zimatithandiza kuima osadzandira. Denga lake ndi kafupa kopyapyala, pamwamba pake pali ubongo. Kakaboola dengalo mafinya amakwera, munthu n'kudwala matenda oumitsa khosi kapena kuchita chithupsa mu ubongo. Izi sizichitikira aliyense, ndipo zimatenga nthawi, koma palibe angakuuzeni ndi maso okha kuti fupa latsala lochuluka bwanji.

Ndiye pali zizindikiro zoti mukaziona musadikire tsiku la kiliniki, mupite tsiku lomwelo ngakhale usiku. Pakamwa pakapotokera mbali imodzi kapena diso la mbali ya khutulo likamakanika kutsinzina. Akamamva chizungulire ngati nyumba ikuzungulira, makamaka mukakanikiza pakhomo pa khutu. Kuseri kwa khutu kukatupa, khutu n'kuoneka ngati lakankhidwira kutsogolo. Mutu ukamamupweteka kwambiri pamodzi ndi kutentha thupi, kusanza, kuuma khosi kapena kusinza kosadziwika bwino. Mukafika, nenani msanga kuti khutu lakhala likutuluka mafinya zaka zitatu, chifukwa kwathu kuno kutentha thupi ndi mutu aliyense amathamangira malungo, za khutu osafunsidwa. Ndipo mafinya akasiya mwadzidzidzi mutu n'kuyamba kupweteka, musati wachira. Mwina njira yotulukira yangotsekeka.

Ngati palibe chilichonse mwa izi, muli ndi nthawi yokonzekera ulendo, koma ikhale ya masabata, osati kudikira kukolola. Ku Blantyre gawo la makutu lili ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ku Lilongwe mungathandizidwe ku Kamuzu Central. Mutenge buku lake la kuchipatala ndi mabotolo onse amene mwagwiritsapo ntchito.

Chimene chiyenera kuchitika kumeneko ndi ichi. Khutu lodzadza mafinya silioneka kanthu, ndiye ayambe alitsuka ndi kamakina koyamwa, akuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Kenako ayang'ane mwinikhutu yense mpaka kumwamba kwenikweni. Ndikutsindika za kumwambaku chifukwa kachibowo kake kamatha kuchepa ngati kambewu ka mapira, n'kubisika pansi pa kankhanambo kooneka ngati phula wamba. Munthu wothamanga amaona pakati pali bwinobwino, n'kulembanso mankhwala odontheza. Si mwano kufunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, kumwamba kwa mwinikhutu mwakuona? Mulibe kathumba?" Adzamuyezanso kamvedwe, ndipo akaganiza za opaleshoni angafune sikani ya CT kuti aone pamene fupa ladyeka.

Ikapezeka kuti ndi kolesiteyatoma, njira yake ndi opaleshoni basi. Palibe jakisoni, piritsi kapena mankhwala azitsamba osungunula khungu limeneli. Amamugoneka, nthawi zambiri amacheka kuseri kwa khutu, n'kuboola fupa la pamenepo kuti achotse kathumba konse. Ndikuuzeni pasadakhale kuti cholinga choyamba ndi khutu louma komanso lopanda chiopsezo. Kumva kumabwera pachiwiri. Ena amamva bwinoko akakonzedwa timafupa tija, ena zimakhala chimodzimodzi, ena amadzafuna kamakina kothandiza kumva. Komanso kachidutswa kakang'ono kakatsalira kamameranso, ndipo mwa ana zimenezi zimachitika kwambiri kusiyana ndi mwa akulu. N'chifukwa chake dokotala angakuuzeni kuti adzatsegulenso pakatha chaka kuti aone, ndipo masiku obwerera kukaonetsa si ojomba ngakhale khutu litauma.

Pamene mukudikira, khutu lisalowe madzi. Posamba mutseke pakhomo pake ndi thonje lopaka vaselini, n'kulichotsa akamaliza, ndipo zosambira kumtsinje ayambe wasiya. Mafinya muzipukuta ndi kapepala kofewa kopota ngati chingwe cha nyali, kulowetsa pang'ono, kakanyowa n'kusintha, katatu pa tsiku. Nthenga ya nkhuku ndi mtengo wa machesi ayi. Mafuta ophikira, madzi a masamba, kaya mankhwala otsala a mnzanu, musathiremo. Pali mankhwala ena odontheza, monga a jentamaisini, amene angathe kuwononga kamvedwe ka mkati mwinikhutu akakhala wobooka.

Mukaona kanyama kofiira kakusuzumira m'khutu, musakakoke, ndipo musalole wina kukakoka ndi kopanira. Nthawi zambiri kamamera pamwamba pa kathumba kaja, ndipo tsinde lake likhoza kukhala pafupi ndi mtsempha wa nkhope.

Kusukulu muwauze aphunzitsi kuti azimukhazika kutsogolo, khutu lakumanzere likhale mbali ya aphunzitsiwo. Ndipo ku ENT muwapemphe ayang'anenso lakumanzerelo ngakhale silikutuluka kanthu, chifukwa kanjira ka mpweya kakavuta mbali imodzi, kawirikawiri mbali inayo mwinikhutu amakhalanso atayamba kukokedwera mkati.