Eriyo si mfuti, musalozetse nsonga kuphiri

"Ndapanga eriyo ya daipolo yomvera wayilesi ya pa 100 MHz. Ndikalozetsa nsonga yake kuphiri komwe kuli mlongoti, mawu amathawa. Ndikayipingasa amamveka bwino. Kodi ndalakwitsa pati?"

Simunalakwitse popanga, achimwene. Eriyoyo ikuchita zimene daipolo iliyonse imachita, ndipo chifukwa chake chimayambira pa elekitironi imodzi.

Elekitironi imene yangokhala, kapena ikuyenda molunjika pa liwiro losasintha, situlutsa mafunde. Imawatulutsa liwiro lake likamasintha. Joseph Larmor anawerengera mphamvuyi mu 1897:

```
P = q²a² / (6π ε0 c³)
```

Apa P ndi mphamvu yotuluka ndipo a ndi kusintha kwa liwiro; q, ε0 ndi c ndi manambala osasintha. Mukakuchulukitsa kawiri, mphamvu imakwera kanayi. Koma chimene chikukuvutani inu ndi komwe mphamvuyo imapita. Imagawika ngati sin²θ, pomwe θ ndi ngodya yoyezedwa kuchokera pa mzere umene elekitironi ikugwedezekera. Mukaima pambali mumaona kugwedezeka konse. Mukaima kunsonga, elekitironi ikungobwera ndi kubwerera molunjika inu, ndipo palibe funde lokufikani. Eriyo imalandira mofanana ndi momwe imatumizira, choncho kunsonga kwake ndi kogontha.

Mu daipolo yotalika theka la funde ngati yanuyi, maelekitironi amathamanga kwambiri pakati pomwe mwalumikiza kebulo, ndipo kunsonga ziwirizo karenti imafika pa ziro. Mukaphatikiza zimene kachidutswa kalikonse ka waya kakutulutsa, mumapeza kukula kwa funde, F, pa ngodya iliyonse:

```
F(θ) = cos((π/2)·cos θ) / sin θ
```

Tiyeni tiikemo manambala. Pa madigiri 90, F ndi 1. Pa 60 ndi 0.82, ndipo poti mphamvu ndi F², yatsala 0.67, kusiyana komwe khutu silingakuzindikire kwenikweni. Pa 30, F ndi 0.42, mphamvu yagwera pa 0.17. Mukayandikira 0 zonse zimazimirira. Mphamvu imakhala yoposa theka mkati mwa madigiri 78, kutanthauza 39 mbali iliyonse ya 90, ndiye musavutike kulunjikitsa ndi kampasi. Ingoonetsetsani kuti nthiti ya eriyo, osati nsonga, ndiyo yayang'ana phirilo.

Utali wonse wa eriyo m'mamita ndi 143 kugawa ndi MHz. Kwa inu ndi mamita 1.43, mkono uliwonse pafupifupi masentimita 71. Pakati pake pamakhala maomu pafupifupi 73, kotero kebulo ya kanema ya maomu 75 imagwirizana nayo bwino.

Kugontha kwa kunsongako ndi chida choyezera. Zunguzani eriyo pang'onopang'ono mutayigoneka. Pakuzungulira kumodzi mawu ayenera kugwa kawiri, pamalo otsutsana. Ngati sakugwa, kapena akugwa mbali imodzi yokha, mwina kunja kwa kebulo kwasanduka eriyo yachiwiri. Chizindikiro chake n'chakuti mukagwira kebulo ndi dzanja mawu amasintha. Manganipo mphete za feraiti, zoletsa karenti kuyenda kunja kwa kebulo, pafupi ndi polumikizira, ndipo kebuloyo ichoke mopingasa kwa masentimita 75 isanakhote. Malata a denga nawonso amabweza mafunde n'kudzaza malo ogonthawo, choncho yeserani eriyo ili pamtengo, patali ndi denga.

Yesaninso kuyiimika chilili. Ikatero imamva mofanana mbali zonse zozungulira, malo ogontha n'kuloza kumwamba ndi pansi. Ngati mawu achepa kwambiri mutayiimika, ndiye kuti mlongoti wa siteshoniyo umatumiza mafunde ogona, bwererani ku kagonekedwe kaja.